Manaiti Atatu Amene Sitinagone ku Chambe

Ndalama za ulendo wa ku Chambe ndinazisainira Lachisanu masana, mtima uli dyokodyoko ndi chimwemwe. Kanali koyamba kupatsidwa ulendo woti nditsogolere ndekha, nditatha zaka zitatu ndikunyamulira anzanga mafayilo. Bungwe lomwe ndimagwirako ndi laling'ono. Timabzala mkungudza m'phiri la Mulanje, ndipo nyengo yozizira ikafika timakwera kukawerenga mbande zomwe zapulumuka. Ulendowu unali wa anthu anayi, kukwera Lolemba, kutsika Loweruka. Kugona kunja kasanu, kapena manaiti asanu monga timanenera ku ofesi, ndipo naiti iliyonse munthu amalandira K30,000.

Mayi a ku akaunti kwathu ndi munthu wolankhula pang'onopang'ono, moti ungathe kukamwa madzi n'kubwerera asanamalize chiganizo. Anandiuza kuti ndalamazo ndi adivansi, zatuluka m'dzina langa, osati m'dzina la gulu. Ndikatsika m'phiri ndili ndi masiku asanu ndi awiri oti ndibweretse mafomu osainidwa, malisiti ndi chenji. Ndalama iliyonse yopanda pepala adzaidula ku malipiro anga. Kenako anavula magalasi n'kunena kuti alawansi salipira tsiku lomwe linalembedwa pa pulani, amalipira usiku womwe munthu wagonadi kunja. Ndinavomera ndi mutu, koma maganizo anga anali pa nsapato zokwerera phiri zomwe ndinali nditaziona pa kaunjika ku Chitakale.

Anzanga atatuwo sanali pa malipiro a pamwezi. Anali anthu a m'makomiti a m'midzi omwe timawatenga ulendo ukapezeka, ndipo alawansiyo ndiye phindu lawo lonse. Panali bambo wina wamtali wa ku Likhubula, m'munsi mwa phirilo, wanthabwala, woti akayamba kulankhula mumaiwala kuti mukukwera chitunda. Panali wina wofatsa, wosalankhulalankhula. Wachitatu anali achikulire ochokera cha ku Thuchila, omwe pa unyamata wawo ankacheka matabwa m'phiri lomwelo. Ankati akulipira ngongole ya mitengo yomwe anagwetsa. Ndi iwo anandiphunzitsa kusiyanitsa mbande yakufa ndi yongofooka ndi chisanu, ndipo ndinkawalemekeza kwambiri.

Lolemba m'mawa tinakumana ku Likhubula, pomwe pamakhala anthu onyamula katundu. Ndinagwirizana ndi awiri oti atinyamulire ufa ndi zipangizo, ndinalemba zonse bwinobwino, ndipo ndinkadziona kuti ntchito ndikuidziwa. Nditati tiyeni tinyamuke, palibe anadzuka. Wamtali uja anakanda kumutu n'kundifunsa ngati ndaiwalako kena kake. Chapatali, pansi pa mtengo, panakhala amayi atatu, mmodzi ali ndi mwana kumbuyo. Anali akazi awo.

Umu ndi momwe zinkayendera, ndipo inenso ndinkadziwa, kungoti sindinaganizepo kuti tsiku lina chikwama chidzakhala m'manja mwanga. Mwamuna sakwera phiri sabata yathunthu osasiya ya ndiwo pakhomo. Ndalama zonse za ulendo zimaperekedwa pansi, mkazi n'kutenga, mwamuna n'kukwera ndi ya sopo yokha. Ndinayesa kunena kuti ndipereke za manaiti awiri, zotsalazo tikapatsana kumtunda. Wamtali anaseka n'kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndipo kumtundako kulibe golosale, ndalama zikagwira ntchito yanji. Anawonjeza kuti atsogoleri onse aamuna amapereka zonse, kapena malamulo asintha chifukwa kwabwera mayi.

Mawu amenewo anandibaya, ndipo ine ndikabayidwa nzeru zimathawa. Komanso ndinakulira m'nyumba za pa esiteti ya tiyi. Ndikudziwa momwe mayi anga ankakhalira pakhomo tsiku la malipiro, maso kumsewu, moto osakoleza. Nditayang'ana amayi atatu aja ndinaona zomwezo. Achikulire sananene zambiri. Anangoti kunyumba kwawo kuli mdzukulu woti alipiridwe mayeso, ndipo wa golosale wawapirira nthawi yaitali.

Ndinatsegula chikwama. Aliyense ndinamuwerengera K150,000, aliyense anasaina pa fomu kuti walandira za manaiti asanu. Tinasonkherana ya chakudya cha sabata yonse, zotsalazo zinawoloka msewu kupita pansi pa mtengo paja. Inenso sindinali woyera. Pa zanga ndinali nditalipira kale lendi Loweruka, ndi kugula nsapato zija.

Tinakwera bwino. Tinafika ku kanyumba ka ku Chambe dzuwa likupendeka, mlonda wa pamenepo anatilemba m'buku lake, onyamula katundu ndinawalipira, anasaina, n'kutsika. Lachiwiri m'mawa tinagwira ntchito yooneka, mizere ya mbande tinaiwerenga mpaka cha m'ma leveni. Kenako chiperoni chinabwera. Wosakhala ku Mulanje amaganiza kuti chiperoni ndi kamvula kowaza chabe. Kumtunda kuja chimatseka chilichonse, munthu ali pafupi nawe umangomumva mawu, ndipo kuzizira kwake kumalowa mpaka m'mafupa. Tinabwerera ku kanyumba titanyowa, achikulire akutitsogolera chifukwa njira ankaidziwa ndi mapazi.

Lachitatu kutacha ndinapeza achikulire atakhala pafupi ndi moto, atafunda bulangete, akupuma mofulumira ngati munthu wothamanga. Tiyi yemwe wofatsa uja anawapatsa anali pansi, osamwedwa. Akatsokomola ankagwira m'nthiti. Nditawakhudza pamphumi, thupi linali moto. Ndinawafunsa kuti zayamba liti, anati ndi chimfine chabe, chimawapeza chaka chilichonse. Milomo yawo inali itachita mtundu womwe sindinaukonde.

Ndinatuluka panja ndi wamtali n'kumuuza kuti titsike. Anandiyang'ana ngati ndatukwana. Anati chiperoni si mlandu wathu, tikakhala m'kanyumbamo mpaka Loweruka, ngakhale osawerenga mbande ndi imodzi yomwe, manaiti onse ndi athu mwachilungamo, chifukwa tagonadi kumtunda. Pamenepo ankanena zoona. Tikatsika lero, manaiti atatu afa, ndipo ndalama zake zili kale m'mimba mwa ana. Anati tiwapatse achikulire panado ndi madzi a mandimu, mawa adzuka. Apa ndi pomwe mawu a mayi a ku akaunti anandibwerera onse, mpaka kavulidwe ka magalasi. Ndinawerengera chamumtima. Manaiti atatu, anthu anayi, K360,000. Malipiro anga a pamwezi safika pamenepo.

Ndinachita mantha, ndisaname. Ndinayenda uku ndi uku pakhonde paja, ndikudzinamiza kuti mwina ndi chimfinedi. Ndinalowanso n'kuwayang'ana. Anali atatsamira khoma, maso otseka, mapewa akukwera ndi kutsika. Ndinawauza kuti tikutsika.

Anatsegula maso. "Mayi, musatero. Ndalama zija zapita kale. Ndigona pompano, Loweruka si kutali."

"Bambo, mukupuma movutika. Kuno kulibe mankhwala."

"Phiri ili ndalikwera inu musanabadwe. Mukanditsitsa, ndikabweza chiyani?"

Ndinachita chomwe ndimachita ndikapanikizika, ndinakalipa. Ndinati mtsogoleri wa ulendo uno ndine, ndipo sindikufuna kukafotokozera mkazi wa munthu kuti mwamuna wake wafera K90,000. Ndinalankhula mokweza kwa munthu wamkulu, pamaso pa anthu, chinthu chomwe mpaka lero chimandichititsa manyazi. Achikulire anayamba kumanga zingwe za nsapato.

Ufa ndi zipangizo tinasiyira mlonda, iye n'kulemba m'buku kuti tachoka Lachitatu. Njira yomwe timatsika maola atatu tinaitsika pafupifupi asanu ndi limodzi. Miyala inali yoterera, mitsinje itadzadza, ndipo achikulire ankayenda pang'ono n'kuima, atagwira phewa la wofatsa uja. M'malo otsetsereka kwambiri wamtali ankawabereka. Ndimupatse ulemu wake pamenepo, sanawasiye. Koma pakamwa pake sipanatseke. Njira yonse ankandinong'oneza nzeru yake. Fomu yasainidwa kale kuti manaiti asanu. Ku ofesi palibe akudziwa kuti tatsika. Aliyense akabisale kwawo mpaka Loweruka, Lolemba ndikapereke mapepala, nkhani yatha. Buku la mlonda ndani amakwera phiri kukaliwerenga? Ntchito yotsalayo tidzaimaliza ulendo wina mwakachetechete.

Sindinamuyankhe kuti ayi. Ichi ndi chomwe sindimakonda kukumbukira. Ndinatsika phiri lonse ndikuitembenuza nzeruyo, ndipo pofika ku Likhubula inali itayamba kundikomera.

Tinapeza galimoto yotitengera ku chipatala china cholipira, chifukwa ndi chomwe tikanafikako msanga. Adokotala anati ndi chibayo, ndipo anafunsa chifukwa chomwe tinachedwera. Anati agonekedwe. Pa windo lolipirira anatiuza kuti pakufunika ndalama yoyambira, kapena kalata yochokera kuntchito yonena kuti bungwe lilipira. Bungwe lathu limalipiradi munthu akadwalira pa ulendo wa ntchito, ngakhale wa komiti, bola mtsogoleri adziwitse ofesi tsiku lomwelo. Titamutumizira uthenga, mkazi wa achikulire anafika pa kabaza, mpango uli pambali. Nditamufunsa ngati pali kotsala, anatambasula manja. Za mayeso zinapita Lolemba lomwelo, wa golosale anatenga zake, zina anagula matumba awiri a chimanga.

Ndinaima pakhonde la chipatala foni ili m'manja. Wamtali anaima patsogolo panga. Anati ndikangoimba, ndaulula kuti tatsika, ndipo tonse anayi talowa m'ngongole. Anati tisonkhe, tikongole kwina, tipeze njira. Ndinamufunsa kuti iye asonkha zingati, anayang'ana kumbali. Munthu sangakhale pa bedi la chipatala Lachitatu, pepala lina n'kumanena kuti wagona ku Chambe mpaka Loweruka. Mapepala awiriwo sakanalowa mu ofesi imodzi. Kusunga manaiti kunali kuwasiyira achikulire bilu ya chipatala, yomwe ikanaposa manaitiwo kutali. Ndinaimba.

Mayi a ku akaunti anamvetsera osandidula. Anati kalata aitumiza pasanathe ola, ndipo ndachita bwino kutsika naye munthuyo. Mtima unayamba kukhala pansi. Kenako anafunsa kuti chenji cha manaiti atatu ndachisunga bwino eti. Ndinati tikambirana mawa. Iwo anangoti masiku asanu ndi awiri ayamba kuwerengedwa lero.

Lachinayi ndinakhala pa mpando wa mu ofesi mwawo ngati mwana wa sukulu wogwidwa akubera mayeso. Ndinafotokoza zonse, amayi a pansi pa mtengo, ya ndiwo, mwambo wa ku Likhubula. Anati mwambowo akuudziwa, ndipo atsogoleri ena wakhala ukuwayendera chifukwa palibe anatsikapo msanga. Ndinapempha kuti adzadule anthuwo pa ulendo wotsatira. Anati sizingatheke. Omwe amatipatsa ndalama amatseka mabuku kumapeto a mwezi umenewo, ulendo wotsatira uli pa thumba lina, ndipo anthu atatuwo alibe malipiro oti n'kudulapo. Dzina lomwe lili pa adivansi ndi limodzi. Ndinapsa mtima n'kunena kuti ndiye kuti ndikulangidwa chifukwa chopulumutsa munthu. Anandiyankha mosakweza mawu kuti kutsika palibe akundiimba mlandu, chomwe chandigwetsa ndi kusainitsa anthu usiku womwe unali usanafike.

Anatulutsa fomu yatsopano n'kundionetsa momwe ndikanachitira. Pansi pa phiri munthu umamupatsa za naiti imodzi kapena ziwiri kuti asiye pakhomo, n'kulemba kuti ndi zoyambira. Zotsalazo umayenda nazo wekha, ndipo m'mawa uliwonse aliyense amasainira usiku womwe wagona, n'kulandira. Ulendo ukaduka, chenji chili m'thumba mwako. Anandifunsanso lisiti ya galimoto ya ku chipatala. Ndinalibe. Anati wa galimoto kapena wa kabaza akakhala wopanda lisiti, umamulembera pa pepala ulendo wake, tsiku ndi ndalama, iye n'kusaina ndi kuika nambala ya foni. Imeneyo anandilola kukaisaka, ndipo ndinamupeza dalaivalayo pa siteji tsiku lomwelo. Wakutsina khutu ndi mnansi, koma tsiku limenelo ndinatuluka mu ofesimo ndikuwada mayiwo. Njira yawoyo ndi yomwe ndimatsata mpaka lero, ndipo amuna amang'ung'udza ku Likhubula ulendo uliwonse.

Masiku otsatirawo ndinasanduka wotolera ngongole. Zanga K90,000 ndinazikwanitsa pokongola ku banki m'khonde ya amayi a kumpingo, yobweza ndi chiwongoladzanja. Wofatsa uja ndinamupeza kwawo akusema mpini. Sanatsutse chilichonse. Analowa m'nyumba, ndinamva akulankhulana ndi mkazi wake motsitsa mawu kwa nthawi yaitali, n'kutuluka ndi K40,000. Anati zotsalazo azindipatsa pang'onopang'ono akagulitsa nanazi, ndipo anachitadi zimenezo, ngakhale zinatenga miyezi.

Wamtali ndinamupitira kawiri osamupeza, kachitatu ndinamupeza pa bawo. Anandiuza pamaso pa anzake kuti iye sanapemphe kutsika, anali wokonzeka kugona manaiti onse, ndipo madzi akatayika sawoleka. Anati njira yabwino anandionetsa, ndinaikana ndekha pofuna kuoneka woyera kwa mabwana. Ndinamuuza mawu omwe sindingawalembe pano. Anthu a pa bawo anaseka, ndipo ndinachoka chimanjamanja. M'minibasi ndinalira, nkhope nditalozetsa pa windo.

Kwa achikulire ndinapita Loweruka, akadali m'chipatala. Ndinanyamula nthochi ndi botolo la sobo, ndipo m'chikwama munali fomu yobwezera ndalama. Ndinali nditakonza mawu njira yonse. Ndinawapeza akupezako bwino, kupuma kutabwerera. Ndinawapatsa moni, anayankha mwaulemu wonse, kenako anatembenukira kukhoma. Mkazi wawo anati atopa. Ndinakhala pamenepo mphindi zingapo ndikuyang'ana msana wawo wowonda, fomu sindinaitulutse. Potuluka ndinadziuza kuti za iwowa ndalipira ine, basi, mutu ukakula sulewa nkhonya.

Kunena n'kosavuta. Lolemba masana ndinakhala pansi ndi pepala. Za wamtali K90,000, zotsala za wofatsa K50,000, za achikulire K90,000. Zonse K230,000, zodulidwa pa malipiro a mwezi umodzi chifukwa mabuku akutsekedwa. Zotsalazo sizikanakwana lendi, osanena za banki m'khonde. Mwana wanga wamkazi anali ku sekondale yogonera konko, ndipo fizi ya teremu yotsatira ndinkaisonkha mwezi ndi mwezi. Ndinawerengera katatu ngati kuti manambala asintha. Chakudya sichinkalowa. Foni ikalira ndinkadzidzimuka.

Lachitatu, tsiku lomaliza, ndinafika ku ofesi molawirira kuti ndikapereke mapepala ndi kusainira kudulidwa. Pa benchi ya panja panakhala mkazi wa achikulire. Anali atavala chitenje chatsopano cha kutchalitchi, mapazi ali mbuu ndi fumbi. Anati wanyamuka ku Thuchila ndi minibasi yoyamba. Achikulire anatuluka m'chipatala Lolemba, ali kunyumba, akumwa phala.

Ndinamulowetsa m'kachipinda kanga. Anakana mpando, anakhala pansi, n'kuyamba kumasula mfundo ya pa chitenje chamkati. Anatulutsa ndalama zopindidwa n'kuziika pa tebulo ndi manja awiri.

"Akuti ndikupatseni izi. Akuti muwerenge."

Ndinafunsa komwe zachokera. Anati agulitsa nandolo. Ndinadabwa, chifukwa nandolo anali asanakhwime, anali ndi mwezi wina ndi theka m'munda. Anati agulitsa munda wonse uli chiimire kwa venda wina wa pamsika, adzathyole yekha ikakwana nthawi. Aliyense wa kuno akudziwa mtengo womwe venda amapereka akaona kuti munthu wapanikizika. Nandolo ameneyo akanadikira akanawapatsa mwina kawiri kapena katatu kuposa pamenepo, ndipo ndiye ndalama yomwe banja limagulira feteleza.

Ndinamuuza kuti ine sindinawatume, sindinawapemphe n'komwe. Anati akudziwa. Achikulire anaona ngodya ya fomu m'chikwama changa tsiku lija, ndipo anati sanadyepo ndalama ya ntchito yomwe sanagwire, sayamba lero atakalamba.

Ndalamazo zinali pa tebulo pakati pathu. Ndinkadziwa choyenera kuchita. Kuzikankhira kwa iye, kumuuza kuti athamange akabweze kwa vendayo mwina angavomere, kulakwa kunali kwanga. Koma ndinaonanso pepala langa la Lolemba lija, lendi, banki m'khonde, fizi ya mwana. Dzanja langa linapita lokha. Ndinawerenga, zinali K90,000 ndendende, zambiri zili za ma K2,000 zakuda ndi thukuta la pamsika. Ndinatulutsa fomu, ndinalemba tsiku, ndipo popeza mayiyo salemba, ndinamudetsa chala ndi inki n'kudinda.

Akupukuta chalacho pa chitenje anandifunsa, osandiyang'ana kumaso.

"Mayi, ndifunseko. Akanapirira kumtundako mpaka Loweruka, izi sizikanabwezedwa?"

"Sizikanabwezedwa. Koma adokotala anati akanachedwa tsiku lina limodzi, sakanatsika ndi miyendo yawo."

"Ndawauza zimenezo. Ine ndiye ndikuthokoza, ndithu." Anaima n'kukonza mpango. "Koma eni akewo akuti mukanawasiya."

Ndinamuperekeza mpaka pa geti ndi kumupatsa ya minibasi, yomwe anaikana kawiri asanalandire. Kenako ndinalowa kwa mayi a ku akaunti ndi mafomu, malisiti ndi ndalama za nandolo zija. Anawerenga pang'onopang'ono monga mwa masiku onse, analemba K140,000 yodula pa malipiro anga, ndipo anati ndayesetsa, ambiri sabweza n'theka lomwe. Ndinasaina. Mwezi umenewo lendi ndinalipira, ndipo mwana wanga anapita kusukulu pa tsiku lake. Mvula itagwa ndinadutsa ku Thuchila pa ntchito ina, ndipo ndinaona munda wa achikulire uli m'mbali mwa msewu. Chimanga chake chinali chachikasu, chofika m'mawondo, pomwe cha oyandikana nawo chinali chitabisa munthu. Iwo anali momwemo akupalira. Ndinamuuza dalaivala wa ku ofesi kuti asaime.